Pemphani Wachibale Akuonereni

A Fabiano Namakhwa anafika ku Makwasa ndevu zisanamere bwino, kuchokera kwawo ku Nsabwe, atanyamula kabudula wosinthira ndi satifiketi ya sukulu yokulunga m'pepala la shuga. Pa esiteti ya tiyi anayamba ndi dengu kumsana monga wina aliyense, akumanyowa ndi chiperoni mpaka m'mafupa. Akuluakulu ataona kuti mnyamatayo amalemba zooneka bwino, anamuchotsa m'munda n'kumuika pa sikelo. Pa sikelopo ndi pomwe anaonana ndi Lestina, mtsikana wa manja opepuka pothyola, amene ankatsutsa kalaliki aliyense kuti sikelo ikunama. Anakangana nyengo yonse ya dzinja, ndipo mvula itasiya anakwatirana.

Unali ukwati wa chikamwini. A Fabiano anamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, ndipo pamtunda wina wa miyala umene abale a mkaziyo ankangodyetsapo mbuzi, awiriwo anabzala tiyi. Mbande ankazithirira ndi madzi otunga kukhwawa, chidebe pamutu, msana ukulira. Anthu ankawaseka kuti akubzala pathanthwe. Patapita zaka mtundawo unabiriwira, ndipo unaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Victoria, mpaka anakakhala mphunzitsi ku Limbe.

Maso anayamba kutha a Fabiano atapuma ntchito. Mdima unayambira m'mbali, n'kumafinya kuwala pang'onopang'ono, mpaka kunatsala kachibowo, kenaka kachibowoko kanatsekeka. Lestina anawagwira dzanja zaka zingapo, kenaka nayenso anatsogola. Pa mwambo wosudzula, akuluakulu a mbumba anagwirizana kuti a Fabiano asathamangitsidwe. Akhale pamudzipo malinga ngati munda akuuyendetsa okha. Ukawakanika, uperekedwe m'manja mwa a Blackson, mlongo wake wa malemu, amene ndiwo anali mwini mbumba, ndipo a Fabiano abwerere ku Nsabwe. Ku Nsabweko onse owadziwa anali kumanda.

Munda sunawakanike. Aganyu ankathyola, iwo n'kumayenda m'mizere chikhatho chili pamwamba pa tiyi, akumalalata pomwe apeza masamba okhwima. Victoria anawagulira foni yolankhula, ija imawerenga mokweza chilichonse chimene chala chakhudza. Ukapsepsa chala kumanja imakuuza chinthu chotsatira, ukagogoda kawiri imatsegula. Liwu lake linali la mzimayi wachizungu amene ankatchula Chichewa ngati akutafuna chimanga chokazinga, koma khutu la a Fabiano linazolowera. Ankawerenga okha mauthenga, okha nyimbo za kwaya, okha zanyengo. Foni yawo sankaipereka m'manja mwa munthu.

Tsono bungwe la alimi a tiyi a m'midzi linabweretsa zatsopano. Mlimi aliyense alembetse munda wake pa pulogalamu ya pa foni, ndipo mwezi ukatha lole izitenga masamba a olembetsa okhaokha. Pa gulu la alimi la pa foni panatumizidwa linki ya tsamba la malangizo. A Fabiano anaitsegula m'mawa atakhala pakhonde, mtima uli m'malo. Chiyambi chinamveka bwino. Kenaka foni inati, dinani pomwe paloza muvi wofiira monga mukuonera pachithunzi. Anapsepsa chala kuti amve za chithunzicho. Mzimayi uja anangolakatula dzina la fayilo, manambala ataliatali opanda mutu. Gawo lotsatira chimodzimodzi: onani pachithunzi, kenaka manambala. Mpaka kumapeto.

Anayesa kulowa m'pulogalamu yeniyeniyo mopapasa. Dzina analemba, mudzi anasankha, koma anafika pamalo pomwe foni inangoti batani lopanda dzina, n'kubwerezanso batani lopanda dzina. Anagogoda loyamba, zonse zimene analemba zinafufutika. Anayambiranso, zinafufutikanso. Anatukwana m'Chilomwe mawu amene anali asanawatchule chimwalirireni mkazi wawo, nkhuku zinabalalika pabwalo.

Anaimba ku ofesi ya bungwe ku Boma. Anayankha mayi wina dzina lake Tisungane, mlangizi wa alimi, amene anavomera kuti malangizowo analemba ndi iye. Anamvetsera mwaulemu, anapepesa, n'kulonjeza kuti afunsa amene anakonza tsambalo. Patapita masiku anatumiza uthenga kuti zakonzedwa, chithunzi chilichonse tsopano chili ndi mawu ake.

Tsiku limenelo a Blackson anali pakhondepo. Ankabwera kawirikawiri masiku amenewo, akumafunsa za thanzi la alamu awo, maso ali kumunda. A Fabiano, mwa kunyada, anakweza mawu a foni kuti mlendoyo amve kuti ku Boma akamva dzina la Namakhwa amanjenjemera. Anapsepsa chala kufika pachithunzi choyamba. Mzimayi wachizungu uja anatchula momveka bwino kuposa masiku onse: Pemphani wachibale akuonereni chithunzichi.

Chachiwiri: Pemphani wachibale akuonereni chithunzichi. Chachitatu, mawu omwewo.

A Blackson anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, si ine ndanena. Yanena ndi foni yanu yomwe. Wachibale wake ndi uti pano, kupatula ine?"

A Fabiano anaimitsa foniyo kuti isalankhulenso.

A Blackson anasendeza mpando n'kutsitsa mawu, monga munthu wofuna kuthandiza. Anati iwo analembetsa kale munda wawo, ndipo anaona ndi maso awo kuti mkatimo amafuna mwini nthaka. Mkamwini alibe polowera. Choncho ngakhale maso akanakhalapo, dzina loyenera kulowa pamenepo linali la munthu wa mbumba. Anatambasula dzanja n'kukhudza foniyo.

"Bweretsani ndikuchitireni. Musadzivute ukalamba uno."

"Chotsani dzanja lanu, alamu," anatero a Fabiano. "Ndikumva fungo la fodya wanu pa foni yanga."

M'mawa mwake anavala jekete lawo la kutchalitchi, anatenga ndodo yoyera, n'kutsetsereka kumsewu. Kondakitala wa minibasi anafuna kuwakweza ngati thumba la nthochi, iwo anamukankha ndi chigongono. Ulendo wonse wa ku Boma ankayeseza m'mutu mawu oti akanene, ndipo pa kona iliyonse mawuwo ankawonjezera ululu.

Ofesi ya bungwe inali kachipinda kumbuyo kwa sitolo, konunkha feteleza. Tisungane atamva dzina anaimirira msanga, anawagwira mkono kuti awakhazike, n'kufunsa kuti wabwera nawo ndani, amupatse mpando nayenso.

"Ndabwera ndi miyendo yanga, mayi. Kapena nayonso ndikaipemphe kwa wachibale?"

Sanakhale pansi. Anatulutsa foni n'kumuikira mawu aja kuti amve, chithunzi ndi chithunzi, osadumpha ngakhale chimodzi, mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Kenaka anayamba. Anati iwo anayeza masamba a anthu pa esiteti mayiyo asanabadwe. Anati anapempha kuti awauze zimene zili pachithunzi, osati awauze kuti ndi akhungu, pakuti zimenezo anazidziwa kale popanda thandizo la bungwe. Anati m'bokosi lomwe anayenera kuikamo njira, iye anaikamo chipongwe, ndipo chipongwecho chinawerengedwa mokweza pamaso pa munthu amene akudikira kuwalanda munda.

Tisungane poyamba anangoti pepani, pepani. Koma mkuluyo atapitiriza, nayenso magazi anamukwera. Anati iye ndi mlangizi wa tiyi, anaphunzira za nthaka ndi tizilombo, osati za makompyuta. Malangizowo anamuuza kuti alembe madzulo amodzi. Wokonza tsamba anangomuonetsa pa foni kabokosi kotchedwa alt text, n'kunena kuti alembemo mawu a anthu osaona, basi. Ndipo iye sanalembe mwachipongwe.

"Kwathu azakhali anga saona, bambo. Sitinawasiyepo okha ngakhale tsiku limodzi. Kusiya munthu wosaona azivutika yekha ndi foni, abale alipo, kwathu n'zochititsa manyazi. Ndimayesa ndikulemba zaulemu."

"Munawafunsapo azakhali anuwo ngati amafuna kusiyidwa okha?"

Tisungane anakoka mpando, n'kutsegula kompyuta mwaukali, mabatani akulira ngati matalala padenga. Anati popeza abwera, akhale pansi, achitire limodzi, chifukwa iye sakudziwa chimene akufuna. A Fabiano anakhala, koma pamphepete pa mpando, ndodo ili pakati pa mawondo.

Chithunzi choyamba anachifotokoza ndi mtima wonse. Analemba kuti ndi chithunzi cha foni, pamwamba pali mtundu wobiriwira, pali chizindikiro cha bungwe cha masamba awiri, batire ili pakati, kumbuyo kukuoneka munda wa tiyi ndi phiri, pansi pali batani lachikasu. Anasunga, a Fabiano n'kutsegulanso tsambalo pa foni yawo kuti amve. Mzimayi wachizungu anayenda ulendo wautali, ndipo atafika kumapeto mkuluyo anali ataiwala chiyambi.

"Phiri ndilitani ine? Chikasu ndichimva ndi chala? Batire ya foni yanu ikundikhudza chiyani?"

Tisungane anati iwo omwe anena kuti awauze zimene zili pachithunzi. A Fabiano anatsegula pakamwa kuti akane, koma anakumbukira kuti ananenadi, ndipo zinawawawa kwambiri. Anati chabwino, alembe zimene iwo anene. Anayamba kumuuza mawu oti alembe, koma sanapite patali, chifukwa chithunzicho sankachidziwa. Aliyense anakwiyira mnzake.

Amene anapeza poyambira anali Tisungane. Anafunsa kuti foniyo ikafika pa batani imanena chiyani. Iwo anati imatchula mawu olembedwa pa batanipo, sitchula mtundu, ndipo za kumanja kapena kumanzere iwo sazitsata, amangodziwa chimene chabwera patsogolo ndi chimene chatsatira. Mayiyo anafufuta zonse zija n'kulemba mzere umodzi: Tsamba lolowera, lembani nambala ya foni, kenaka dinani batani lakuti Pitirizani. Mawu akuti chithunzi anawasiya, popeza foni imanena yokha kuti ichi ndi chithunzi. A Fabiano anamvetsera, n'kungoti mm. Kwa munthu wowadziwa, mm ameneyo anali wamkulu.

Anapitiriza motero, akukangana pa chithunzi chilichonse. Dzina la batani lilembedwe monga momwe lilili m'pulogalamu, osati monga momwe Tisungane akulikumbukira. Pomwe panali muvi wofiira, mawu anene chimene muviwo waloza. Pomwe kabokosi kanali kochonga kale, mawu anene kuti n'kochonga. Chithunzi cha alimi akumwetulira chimene chinali pamwamba pa tsamba anachiika chizindikiro chakuti n'chokongoletsa chabe, kuti foni izichidumpha. A Fabiano anati alimi omwetulirawo sanawaonepo ngakhale nthawi imene anali ndi maso.

Atafika pa mabatani opanda dzina aja, Tisungane anavomera kuti pulogalamuyo sangaikonze iye, anaipanga ndi anthu a ku Blantyre, koma awalembera. Pachithunzi, batani loyamba linali ndi kachizindikiro ka bini ya zinyalala, lachiwiri kamuvi kopita kutsogolo. Analemba kuti: Mukasankha mudzi pali mabatani awiri amene foni imati opanda dzina, loyamba limafufuta zonse, lachiwiri limapita patsogolo.

"Ndiye ndimadzitaya ndekha m'bini," anatero a Fabiano. Tisungane anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yawo anasiya.

Kenaka anafika pa chithunzi cha tsamba limene a Fabiano anali asanafikepo. Tisungane anayamba kulemba kuti pali zosankha ziwiri, Mwini munda ndi Wosamalira munda. Anaima. Anati pachithunzipo iye analembapo ndi inki yofiira ya pakompyuta mawu ena, chifukwa alimi ambiri ankafunsa. Mawuwo anali mkati mwa chithunzi, ngati utoto pakhoma, ndiye foni sikanawawerenga. Anawawerenga mokweza: Amene mukusamalira munda wa mkazi wanu kapena wa ana anu, sankhani Wosamalira munda, ndipo mulembe dzina la mwiniwake. Lole idzaitana dzina la wosamalira.

A Fabiano anamuuza kuti abwereze. Anabwereza.

"Mawu amenewa analipo kuyambira tsiku loyamba?"

"Analipo, bambo."

"Aliyense wotsegula malangizowa amawaona?"

"Ndi ofiira, akuluakulu. Sungawaphonye."

Mkuluyo sanakalipe. Anagwira ndodo yake ndi manja onse awiri. Mudzi wonse unawaona mawuwo. Akamwini anzawo a kutchalitchi anawaona. A Blackson anawaona, n'kubwera kudzakhala pakhonde lawo, kumwa tiyi wawo wa mkaka, n'kunena kuti mkamwini alibe polowera. Ndipo bungwe, m'malo mowauza mawu ofiirawo, linawatumiza kwa munthu yemweyo kuti akawaonere.

Tisungane anati mawu otere sayenera kubisala m'kabokosi ka chithunzi kokha. Anawalemba m'malangizo enieniwo, pamwamba pa chithunzi, kuti woona ndi wosaona awapeze pamalo amodzi. M'kabokosimo anangosiyamo zoti tsambalo lili ndi zosankha ziwiri, ndi kuti pachithunzipo chosankhidwa ndi Wosamalira munda. Atamaliza zonse ananena kuti popeza ali pomwepo, awalembetsere pa kompyuta ya ofesi, zithe.

"Ayi. Mukandilembetsera inu, mawa adzati anamuchitira mayi wa ku Boma. Ndikalembetsa pakhonde langa. Zikakandikanika, ndiye kuti mwalemba zabodza, ndipo ndibweranso."

"Mubweranso ndi mkwiyo womwewu?"

"Uwu ndauchepetsa chifukwa ndinu mayi."

Anafika kumudzi dzuwa likupendeka. Sanavule jekete. Anatumiza uthenga kwa a Blackson kuti abwere, ndipo anaitananso amayi awiri achikulire a mbumba, amene analipo tsiku losudzula. Atakhala onse, a Fabiano anaika foni pabondo n'kukweza mawu mpaka kumapeto. Ankamvera gawo limodzi la malangizo, n'kupita ku pulogalamu kukachita, n'kubwereranso. Zinatenga nthawi. Pena ankalakwitsa chilembo n'kufufuta. Amayi aja ankanong'onezana. Pa mabatani opanda dzina anadutsa loyamba mosamala ngati akulambalala njoka, n'kugogoda lachiwiri. Tsamba latsopano linatseguka.

Anabwerera ku malangizo, ndipo mzimayi wachizungu anawerenga mawu aja a akamwini, bwalo lonse likumva. A Fabiano anawabwereza kachiwiri. Mpando wa a Blackson unalira.

"Zimenezo aziwonjezera lero," anatero a Blackson.

"Zinalipo, achimwene," anayankha mmodzi wa amayiwo mosakweza mawu. "Zofiira. Mwana wanga anandiwerengera."

A Fabiano anafika pa zosankha ziwiri zija. Chala chinaima pa Mwini munda, foni n'kutchula. Anakhala pamenepo kanthawi. Anakumbukira miyala imene anaizula pamtundapo ndi chitsulo, zidebe za kukhwawa, zikhadabo zimene zinathothoka. Palibe tsinde la tiyi pamenepo limene silinadutse m'manja mwawo, koma pa tsamba lija dzina lawo loona linali lachiwirilo. Anapsepsa chala kumanja, n'kugogoda kawiri pa Wosamalira munda, mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Pa dzina la mwini analemba Victoria, chilembo chimodzichimodzi, foni ikutchula chilichonse. A Blackson sakanatsutsa. Mwana wa mlongo wawo ndiye mbumba yeniyeniyo.

Foni inanena kuti kulembetsa kwatheka.

A Blackson anaimirira n'kukung'untha thalauza. Anati foni si bwalo la milandu, ndipo nkhani ya munda ikadzafika pokambirana adzakambirana. Mmodzi wa amayi aja anati palibe chokambirana, pangano linali lakuti munthu aziyendetsa yekha, ndipo aona ndi maso awo. A Blackson anachoka osatsanzika, nsapato zikukhwekhwereza pamiyala.

Amayiwo anayamba kuyamikira, wina mpaka anafuna kululutira, koma a Fabiano anawadula. Anafunsa kuti mawu ofiirawo atawamva kwa ana awo, analephera chiyani kukwera kamtunda aka kudzawauza. Amayiwo anayang'anana. Wina anati ankayesa kuti a Blackson anena, popeza ankabwera tsiku ndi tsiku.

"Pitani bwino," anatero a Fabiano. "Mukadutsa kwa aganyu anga muwauze kuti mawa alawirire. Mzere wakumunsi wakula."